Mbiri ya injiniya wachinyamata m'mawu 80: yambirani pa ngalande ija

Funso: Amayi, ndine injiniya wamkazi wa zaka 26 pa kampani yaing'ono kuno ku Lusaka. Abwana akufuna kuti aliyense alembe mbiri yake m'mawu pafupifupi 80, yomveka yansangala koma yosataya ulemu wa pantchito. Ine ndathera pa mawu 56 ndipo ndikaiwerenga siikundikoma. Ntchito zikuluzikulu sindinagwirepo, ndipo kunja kwa ofesi palibe chachilendo, Loweruka ndimangothandiza agogo m'dimba ku Chongwe. Ndakutumizirani zimene ndalemba pamodzi ndi sivi yanga. Ndiikemo chiyani?

Yankho: Mng'ono wanga, ndawerenga mapepala onse awiri, ndipo chimene chandikhudza n'chakuti zinthu zabwino zonse zili mu sivi, pamene mu mbiri simunaikemo ngakhale chimodzi. Ndiloleni ndiike apa zimene munalemba kuti tizionere limodzi. Dzina lanu ndalichotsa, ndaikapo Uje.

"Uje ndi injiniya wachinyamata, wakhama, wodzipereka ndiponso wokonda ntchito yake. Anaphunzira pa University of Zambia. Amadziwa AutoCAD, Civil 3D, EPANET ndi Excel. Amagwira bwino ntchito ndi anzake komanso payekha. Wachita nawo mapulojekiti osiyanasiyana a madzi ndi misewu. Cholinga chake ndi kubweretsa chitukuko m'dziko la Zambia. Pa nthawi yopuma amakonda kuwerenga, kumvera nyimbo ndi kucheza ndi anzake."

Phimbani dzinalo ndi chala, muwerengenso. Kenako ganizirani anzanu onse amene munakhala nawo zaka zisanu pa yunivesite yanu ija ya pa Great East Road, ndi ena amene anaphunzira ku Copperbelt University ku Kitwe. Ndani mwa iwo amene sangaike dzina lake pamenepo osasinthapo kanthu kupatula dzina la sukulu? Ndicho chifukwa chake siikukukomani. Mulibe bodza, mulibenso cholakwika cha galamala, kungoti inuyo mulibemo.

Munthu amene adzawerenge mawuwa nthawi zambiri ndi kasitomala amene wamva kuti mawa pa sayiti padzabwera mtsikana wochokera ku kampani, ndipo akufuna kudziwa kuti ndi ndani. Mwina ndi wa ku khonsolo, mwina mwini pulote, mwina foromani wa kontirakitala. Mumtima mwake muli mafunso awiri okha. Loyamba: kodi ameneyu akudziwa chimene akuchita? Lachiwiri: kodi ndingamufunse kanthu osandichititsa manyazi? Ulemu wa pantchito umene abwana akunena ndi yankho la funso loyamba, nsangala ndi yankho la lachiwiri. Mawu onga "wakhama" ndi "wodzipereka" sayankha lililonse, chifukwa ndi inu nomwe mukudzichitira umboni, ndipo tonse tinakula tikumva kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wowerenga amakhulupirira chimene wachiona pafupi.

Ndiye tiyeni ku sivi. Pa tsamba lachiwiri, pansi ndithu, pali mzere umodzi wonena za ngalande ya mamita 600 imene munagwirapo mu 2024 m'komboni ina kumadzulo kwa mzinda. Munalemba kuti munatenga malevo, ndiko kuyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, ndi kuyang'anira othira konkire. Inu mukuiona ngati ntchito yaing'ono. Ine ndagwira ntchito za madzi mu Lusaka zaka zambiri, ndipo sindingaitche yaing'ono.

Mzinda wathu unakhala pa malo athyathyathya, ndipo kumwera ndi kumadzulo pansi pake ndi mwala wa laimu umene suchedwa kutulukira ukangokumba pang'ono. Nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera mpaka pafupi ndi pamwamba. N'chifukwa chake ku Kanyama ndi ku Misisi, mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale, madzi amangoima pabwalo masiku angapo osadziwa kolowera. Pa malo otero ngalande ilibe phiri loithandiza. Tiyerekeze kuti pulani ikufuna kuti itsike mita imodzi pa mamita 300 alionse. Pa mamita 600 onsewo yatsika mamita awiri okha, ndipo pakati pa zikhomo ziwiri zotalikirana mamita khumi kusiyana kwake ndi masentimita atatu ndi pang'ono. Wotenga malevo akaphonya ndi zala ziwiri zokha pa chikhomo chimodzi, pamenepo madzi aima, matope ndi mapulasitiki ayamba kudzadza, ndipo chaka chamawa anthu adzati ngalande ija inali yongodyera ndalama. Munthu amene anaima padzuwa ndi levo n'kuonetsetsa kuti masentimita atatuwo alipo pa chikhomo chilichonse ali ndi chonena. Aliyense wa mu Lusaka amene anavulapo nsapato kuti awoloke pakhomo pake amva nthawi yomweyo kuti ntchitoyo inali ya chiyani.

Choncho mbiri yonse tiimange pa ngalande imeneyi. Ntchito imodzi yoonekera bwino imaposa "mapulojekiti osiyanasiyana", chifukwa wowerenga sangaone zosiyanasiyana m'maso mwake, koma mamita 600 a konkire angawaone. Nayi mmene ndingailembere:

"A Uje ndi injiniya wa zomangamanga amene amagwira ntchito za ngalande ndi mapaipi a madzi. Anabwera kuno mu 2022 atamaliza digiri yawo pa University of Zambia, ndipo ndi membala wa Engineering Institution of Zambia. Mu 2024 anatenga malevo ndi kuyang'anira othira konkire pa ngalande ya mamita 600 m'komboni ina kumadzulo kwa Lusaka, kumene madzi a mvula ankalowa m'nyumba. Pa sayiti amalankhula Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi, choncho musaope kuwafunsa. Loweruka mudzawapeza ku Chongwe, akuthirira repu ndi matimati m'dimba la agogo awo."

Awerengeni, akwana 80 ndendende. Ziganizo ndi zisanu, ndipo chachitali kwambiri, cha mawu 24, ndi cha ngalande, chifukwa ndicho chanyamula katundu. Mbewu za m'dimba ndangoganiza. Ngati agogo amalima chibwabwa kapena anyezi, ikani zimenezo.

Tsopano pali malo amodzi pamene ndikufuna muchedwepo kwambiri, ndipo ndi pa mneni wa chiganizo chachitatu. Taonani kuti ndalemba "anatenga malevo" ndi "kuyang'anira othira konkire". Sindinalembe kuti munakonza pulani ya ngalandeyo, kapena kuti munatsogolera ntchitoyo, popeza sivi yanu sikunena zimenezo. Pa ntchito yathu mawu amenewa ali ndi eni ake. Wokonza pulani ndi amene anawerengetsa kuchuluka kwa madzi, anasankha kukula kwa ngalande ndi makalavati, n'kusaina pa pepala. Ikasefukira, ndi iye amene amaitanidwa kukayankha. Mukadzitengera mneni wake mwadzitengeranso mlandu wake, ndipo mwamulanda ulemu umene anaugwirira ntchito.

Ndinaziona ndi maso anga pa kampani ina imene ndinagwirako kale. Mnyamata wina wanzeru ndithu, wa chaka chimodzi pantchito, anamulembera m'kabuku ka kampani kuti "anatsogolera" kukonza pulani ya thanki ya madzi ya pa sukulu ina. Sanalembe yekha, anali wa mu ofesi amene ankafuna kuti kabukuko kaoneke kolemera. Tsiku lina tili pa msonkhano ndi kasitomala, bambo wina wachikulire amene nayenso anali injiniya anatsegula kabuku kaja, n'kumuyang'ana mnyamatayo mwansangala, amvekere: "Ndiye inu ndi amene munakonza thanki ija? Maziko ake munawapanga bwanji pa dothi lija?" Sankamuyesa ayi, ankangofuna kucheza naye. Mnyamata anagwira cholembera n'kuyamba kuchitembenuza m'manja, maso ali pa tebulo. Iye anali atajambula zitsulo za m'makoma a thankiyo, ndipo anazijambula bwino kwambiri, koma za maziko sanazikhudze. Abwana anamuyankhira. Kuyambira pamenepo mpaka msonkhano kutha, bambo uja sanamufunsenso kanthu. Zimandipwetekabe ndikakumbukira, chifukwa pakanalembedwa zoona, kuti anajambula zitsulo za m'makoma, funso likanakhala la zitsulo ndipo akanayankha mpaka onse kukhuta.

Muyeso wake ndi umenewu: chilichonse chimene mwalemba, muzitha kuchifotokoza kwa mphindi zisanu munthu akakufunsani mwadzidzidzi. Wina akati, "Konkire munkaiyang'anira bwanji?" inu mutha kunena za kusakaniza, za madzi amene anyamata amafuna kuwonjezera kuti ifewe, za makiyubu amene munkatenga n'kukawaswa pa masiku 7 ndi 28. Zimenezo mukuzidziwa chifukwa munalipo. Koma musagwerenso mbali inayo, yodzichepetsa mopitirira n'kumangoti "anathandiza nawo". Atsikana ambiri amene ndawaphunzitsa ntchito amakonda mawu amenewa. "Kuthandiza" sikuuza munthu kanthu: wonyamula zikhomo anathandiza, wophika nsima ya antchito anathandizanso. Tchulani chimene manja anu anagwira.

Za Engineering Institution of Zambia nazonso zimafuna kusamala komweko. Lamulo la bungweli la mu 2010 limafuna kuti aliyense wogwira ntchito ya uinjiniya m'dziko muno akhale wolembetsedwa ndiponso akhale ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo chiphasocho chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Mamembala ali m'magulu osiyana, ndipo amene wangotuluka kumene ku yunivesite sali pa mlingo umodzi ndi amene wagwira ntchito zaka zambiri. Mu chitsanzo changa ndangoti "membala" chifukwa sivi yanu yangonena choncho. Tengani satifiketi yanu, muone gulu limene lalembedwapo, mulikopere momwe lilili. Likawonjezera mawu awiri kapena atatu palibe vuto. Chimodzimodzi ka Eng. kamene timaika kutsogolo kwa dzina. Ndikudziwa mmene kamakomera, ndipo kwanu mwina anayamba kale kukuitanani choncho tsiku lomwe munavala gauni. Kunyumba asiyeni akondwere. Pa pepala la kampani kaikeni pokhapokha kulembetsedwa kwanu kukukulolani, chifukwa amene amawerenga mapepala a matenda a ntchito, ndikunena matenda opikisana pofuna kontirakiti, amafufuza zimenezi, ndipo akapeza chimodzi chosalongosoka amayamba kukayikira tsamba lonse.

Mwina mwadabwa kuti mapulogalamu anayi aja ndawachotsa onse. Malo ake ndi mu sivi. Kasitomala salipira AutoCAD, amalipira ngalande yoyenda madzi. Ndachotsanso mawu akuti "wachinyamata". Chaka cha 2022 chanena kale zimenezo mwaulemu, ndipo chili ndi ubwino wina: sichikalamba. Mukalemba kuti "wagwira ntchito zaka ziwiri", kabuku kameneka kadzakhala kakuzungulirabe patapita zaka zitatu kakunena zomwezo, pamene chaka chimakhala choona mpaka kalekale.

Tibwere ku nsangala, imene ndikuona kuti ndi imene inakuvutani kwambiri. Munayesa kuiika pa chiganizo chomaliza, cha kuwerenga, nyimbo ndi kucheza. Vuto lake ndi lomwe lija, aliyense amachita zimenezo. Dimba la ku Chongwe, limene mukuliona ngati lopanda pake, ndi limene lingapangitse munthu kumwetulira. Ambiri a ife mu mzinda muno tili ndi kwathu kumene timathawirako, ena ku Chongwe komweko, ena ku Kafue, ena mpaka ku Petauke ndi ku Katete. Munthu akawerenga za mtsikana wonyamula kheni m'dimba la agogo ake, waona kale zinthu zingapo zimene simunazilembe: kuti simuopa matope, kuti mumalemekeza akulu, kuti madzi mumawadziwa ndi manja omwe. Ndipo wapeza poyambira kucheza. Tsiku loyamba pa sayiti adzakufunsani kuti matimati akugula bwanji ku msika wa Soweto sabata ino, ndipo mukatha kuseka pamenepo za ngalande zidzayenda mosavuta.

Chinthu chotere chikhale chimodzi chokha, ndipo chikhale kumapeto. Zikakhala zitatu, mbiri yasanduka macheza a pa minibasi. Chikakhala koyambirira, wowerenga amaona wa dimba asanaone injiniya, ndipo kwa ife akazi zimenezi n'zoopsa kwambiri, popeza alipo kale ena amene akationa titavala chipewa cha pa sayiti amaganiza kuti tabwera kudzalemba mayina a antchito. Muyambe mwaima pa ntchito, kumwetulira kubwere pambuyo.

Chiganizo cha zilankhulo chikugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake ndachikonda. Kwa abwana ndi kasitomala ndi luso lenileni: pa sayiti ya mu Lusaka mungalandire malangizo m'Chingerezi, n'kuwafotokozera anyamata okumba m'Chinyanja, kenako n'kukambirana ndi mmisiri wochokera ku Migodi m'Chibemba, zonsezi isanakwane teni koloko. Ndiponso mayi amene ngalande ikudutsa pakhomo pake, amene akuda nkhawa kuti ana ake aziwoloka bwanji, amafuna munthu womumvera m'chilankhulo chake. Mawu atatu aja, "choncho musaope kuwafunsa", ndi pokhapo pamene mbiriyi yatembenuka n'kumuyang'ana wowerenga. Abwana akaona kuti apitirira, achotseni, zotsalazo ziimabe.

Pali zina zimene ndikukupemphani kuti musaikemo ngakhale wina atakuuzani kuti zikometsa: mpingo wanu, mtundu wanu, chipani, zoti muli pabanja kapena ayi, ndi dera limene mumagona. Pepalali lidzafika kwa anthu amene simukuwadziwa. Ku Chongwe ndatchula chifukwa ndi boma lalikulu, koma mudzi wa agogo musautchule. Dzina la komboni ya ngalande ija ndi dzina la mwini ntchito muyambe mwafunsa abwana, popeza makontirakiti ena salola kutchula kasitomala popanda chilolezo. Akalola, litchuleni dzina la komboniyo, chiganizocho chidzalimba kuposa pano.

Mwaonanso kuti ndasintha "Uje ... anaphunzira ... ntchito yake" kukhala "a Uje ... digiri yawo". M'chilankhulo chathu ulemu umakhala m'kachilembo kamodzi kameneka. Mukalemba za anthu a pa kampani imodzi, abwana n'kukhala "a Uje" koma injiniya wamng'ono n'kukhala "Uje" chabe, wowerenga amva msanga kuti uyu ndi mwana wotumidwa. Onse alandire "a" wawo mofanana, kuyambira mwini kampani mpaka dalaivala. Kudzilemba wekha ndi ulemu wotere kumachititsa manyazi poyamba, ndikudziwa. Kumbukirani kuti pa pepalalo si inu mukulankhula, ndi kampani imene ikukusonyezani kwa alendo, ngati mmene amalume amaimirira pa mwambo n'kunena kuti awa ndi a uje, ana athu. Musanayambe, funsani mmene anzanu akulembera. Ngati onse akuti "ine ndine", inunso mutero, kuti tsamba lisamveke ngati kwaya imene wina akuimba nyimbo ina.

Ngati abwana akufuna ya Chingerezi, monga zimakhalira m'maofesi ambiri kuno, musamasulire liwu ndi liwu. Liwu lathu limodzi ngati "mudzawapeza" limasanduka mawu anayi m'Chingerezi, pamene timawu tathu ta "wa", "za" ndi "ya" tambiri timasowa, ndiye chiwerengero chisintha. Tengani mfundo zisanu zomwezo, m'ndondomeko yomweyo, muzilembe mwatsopano, kenako muwerengenso. Chingerezi chilibe "a" wathu uja, choncho kumeneko mumatchula dzina lonse koyamba, kenako dzina loyamba lokha. Ndi mmene chimamvekera chaubwenzi. Kutchula dzina la bambo lokha kumamveka ngati lipoti la kukhoti. Ndipo "pafupifupi 80" musaitenge ngati muyeso wa zitsulo. Pakati pa 70 ndi 90 palibe amene adzadandaule. Abwana akungofuna kuti mbiri zonse zikwane malo ofanana pansi pa zithunzi.

Mukamaliza, iwerengeni mokweza kamodzi. Pamene mpweya wakutherani chiganizo chisanathe, dulani. Kenako pitani nayo kwa injiniya wamkulu amene anasaina pulani ya ngalande ija, mumuonetse chiganizo chachitatu chokha, mumufunse kuti, "Kodi ndanena zoona apa?" Nthawi zambiri mkulu wotere amakumbutsa chinthu chimene mwiniwake waiwala kapena wachiona chochepa, mwina kuti ndi inu amene munazindikira kuti paipi ya madzi akumwa ikudutsa pamene pulani sinaonetse, makina asanaiboole. Akakuuzani chotero, chotsani mawu akuti "kumadzulo kwa Lusaka" kapena mbewu imodzi ya m'dimba kuti chipeze malo, muwerengenso, ndipo mukapereke.